Khofi wokazinga kale: timuike mu firiza kapena mu kabati?

"Mlamu wanga wandibweretsera makilo awiri a khofi wa njere wokazinga kale kuchokera ku Mzuzu. Kunyumba timamwa ndi awiri basi, ine ndi madamu, kapu imodzi imodzi m'mawa. Ulendo watha ndinamuika mu botolo lagalasi pa windo la kukhitchini ndiye mwezi usanathe fungo lonse linali litathawa. Ena akuti ndiike mu firiza, ena akuti firiza imapha khofi. Ndimve ziti? Kuno ku Lilongwe magetsinso mukuwadziwa."

Achimwene, musade nkhawa, makilo awiri amenewo mutha kuwamwa mpaka njere yomaliza akukomabe, ndipo simukufunika kugula chipangizo chodula ayi. Firiza imathandiza ndithu, ine ndimaigwiritsa ntchito, koma imathandiza munthu amene wayamba watsekereza mpweya. Amene amakuuzani kuti firiza imapha khofi nawonso sakunama, kungoti iwowo amaponyamo paketi yonse yotsegula kale, m'mawa uliwonse kutulutsa, kutapa, kubwezeramo, ndiye pamenepo inde khofi amafa.

Tiyambe ndi zomwe zikuchitika mkati mwa kanjere kamene kali m'manja mwanuko. Khofi akamakazingidwa njere imafufuma, mkati mwake mumakhala timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo m'timabowomo mumadzaza mpweya wa kaboni dayokisaidi pamodzi ndi tinthu tonunkhira tija timakukokani mukadutsa pomwe akukazinga. Mulinso mafuta. Njere ikangochoka pamoto mpweya wa kaboni uja umayamba kutuluka, masiku oyambirira umatuluka wambiri kenako pang'onopang'ono kwa masabata angapo, ndipo fungo limapita nawo limodzi. Pomwe iwo ukutuluka, okosijeni wa mu mpweya tikupumawu amalowa n'kuyamba kuononga mafuta aja. Ndiye pali zinthu ziwiri zikuchitika nthawi imodzi, chokoma chikuthawa ndipo chotsalacho chikuonongeka. Mukudziwa mmene nsinjiro zimanunkhira zikakhalitsa mu kontena, kafungo kaja ka mafuta okalamba? Ndi zomwezo, khofi wokhalitsa amafika pomwepo.

N'chifukwa chake ine pa adani atatu a khofi, omwe ndi mpweya, kuwala ndi kutentha, ndimati mpweya ndiye wamkulu. Zinazo ntchito yake ndi kungofulumizitsa zomwe mpweya wayamba kale.

Botolo lanu lija vuto lake silinali galasi lokha. Taganizani, botolo lalikulu tsiku loyamba ladzaza njere mpaka kukamwa, mpweya uli wochepa. Pakatha sabata ziwiri lafika pakati, theka lonse lapamwamba ndi mpweya, ndipo m'mawa uliwonse mukatsegula mumataya mpweya wonunkhira uja unasonkhana usiku n'kulowetsa wina watsopano wodzaza ndi okosijeni. Anthu amasangalala akatsegula botolo n'kumva kununkhira, amvekere eee khofi uyu ndi wabwino, osadziwa kuti fungo akulimvalo ndi lomwe lachoka mu njere ndipo mu kapu silifikamonso. Chivundikiro chothina chimathandiza koma sichichotsa mpweya womwe mwautsekera mkatimo. Ndiye chotengera chaching'ono chodzaza chimaposa chachikulu chokhala theka, ngakhale chachikulucho chikhale chokongola bwanji.

Yang'anani paketi yomwe khofiyo wabweramo. Ngati ili yonyezimira mkati ngati foyilo ndipo ili ndi kabatani kozungulira kokhala ndi tibowo, musaitaye, imeneyo ndi yabwino kuposa mabotolo ambiri a m'sitolo. Kabataniko ndi kavalavu, kamalola mpweya wa kaboni kutuluka kuti paketi isaphulike koma sikalola wakunja kulowa. Anthu amakonda kufinya paketi m'shopu kuti anunkhize, koma ntchito yake si imeneyo. Mukatapa khofi, finyani paketi mpweya utuluke, pindani kukamwa kangapo mpaka pomwe pali njere, mangani ndi labala kapena chopanira zovala, basi. Ngati wabwera mu pepala la khaki kapena mu jumbo wamba, ameneyo musamutseni lero lomwe chifukwa pepala ndi jumbo yopyapyala mpweya umadutsa.

Za kuwala sinditaya nazo nthawi. Dzuwa limafulumizitsa kuonongeka kwa mafuta, komanso botolo lagalasi likakhala pa windo limatentha mkati masana onse. Galasi palokha lilibe mlandu, ndipo ndimalikonda chifukwa silisunga fungo, ingoliikani mu kabati motseka, nkhani yatha.

Kutentha ndiye kwathu kuno kumavuta. Akatswiri a sayansi ali ndi kalamulo kongoyerekeza koti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, zinthu ngati izi zimaonongeka mofulumira pafupifupi kawiri. Si masamu enieni a khofi aliyense koma amakupatsani chithunzi. Malangizo ambiri amene mumawamva oti khofi amakhala bwinobwino mwezi wathunthu mu kabati amachokera kwa anthu okhala m'nyumba za madigiri 20. Khitchini ya malata yopanda siling'i mu Okutobala imadutsa madigiri 30 mosavuta, osanena za ku Salima, ku Mangochi kapena ku Nsanje. Ndiye khofi yemwe mu Juni akanakoma masabata anayi, mu Okutobala mwina sabata ziwiri zokha wayamba kale kuzilala. Sankhani kabati yapansi, yakutali ndi kuka ndi mbaula, yosatsamira khoma lomwe dzuwa lamadzulo limaomba. Pamwamba pa firiji musaikepo, pamaoneka pabwino koma pamafunda chifukwa cha injini yake. Ngati khitchini yanu ndi yotentha kwambiri, kuchipinda mu wadilopu ndi bwino, bola kutali ndi sopo ndi mafuta onunkhira.

Pali mdani wachinayi amene sindinamutchule koma ndi amene amapangitsa kuti nkhani ya firiza ikhale yokangana, chinyezi. Njere yokazinga ndi youma kwambiri, madzi amene amatsalamo ndi ochepa zedi, ndiye imayamwa chinyezi chilichonse chili pafupi, ndi fungo lomwe. Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, paketi yosiyidwa yotsegula imachita kufewa njere zake, mukaluma sizithetheka bwino. Ndipo apa ndi pomwe firiji wamba, mbali ija timaika mkaka ndi ndiwo zotsala, imagwera. Kuzizira kwake ndi cha m'ma madigiri 4, sikokwanira kuimitsa kuonongeka kwenikweni, koma n'kokwanira kuti mukatulutsa botolo lichite thukuta. Mwaonapo botolo la madzi ozizira mmene limanyowera kunja mukaliika pa tebulo. Mukatsegula botolo la khofi lozizira, madontho omwewo amakhala pa njere zenizenizo. Kuchita zimenezo tsiku ndi tsiku kwa sabata, kuphatikiza fungo la anyezi wodula ndi nsomba za dzulo, khofi wake simungamufunenso. Firiji ayi, pamenepo sindinyengerera.

Firiza ndi nkhani ina. Yogwira bwino ntchito imafika madigiri 18 kunsi kwa ziro, ndipo pamenepo kutuluka kwa mpweya ndi kuonongeka kwa mafuta kumayenda pang'onopang'ono kwambiri moti miyezi itatu kapena inayi khofi amatuluka ali pafupifupi mmene analowera. Njere siiphulika kapena kusweka ndi kuzizira ngati tomato chifukwa mulibe madzi okwanira kupanga ayisi. Ndikunena dipu firiza kapena firiza yokhala ndi chitseko chakechake. Kabokosi ka ayisi kaja ka mkati mwa tifiriji ting'onoting'ono, ka kachitseko kapulasitiki, nthawi zambiri sikazizira kufika pamenepo ndipo kamangokhala konyowa, kameneko ndisakunamizeni sindikakhulupirira.

Tsono tiwerengere makilo anu awiri. Kapu yabwino imadya magalamu pafupifupi 15, omwe ndi masupuni akulu awiri odzaza bwino kapena atatu osadzaza, anthu awiri ndiye magalamu 30 pa tsiku. Magalamu 2,000 kugawa ndi 30 zikutipatsa masiku 66, miyezi iwiri ndi kasabata. Mu kabati yekha, khofi ameneyu theka lake mudzamwa atazilala. Ndiye chitani chonchi. Patulani magalamu 400, amenewo ndi a sabata ziwiri zoyamba, akhale mu paketi yake ija kapena m'mabotolo awiri ang'onoang'ono mu kabati. Otsala magalamu 1,600 muwagawe m'timapaketi 8 ta magalamu 200, kalikonse ndi ka sabata imodzi. Ngati mulibe sikelo, botolo la theka la lita likadzaza njere ndi magalamu 200 kapena kuchepera pang'ono, khofi wokazinga kwambiri amapepuka ndiye amalowa wochepa.

Pokhapokha ngati khofiyo wangokazingidwa kumene, chitani ntchito imeneyi tsiku limodzi, lero kapena mawa, osadikira kuti muone kaye ngati ayambe kuzilala. Firiza imasunga khofi mmene mwamuikira, siibweza chomwe chathawa kale. Anthu ambiri amathamangira ku firiza paketi itatha mwezi ili yotsegula, kenako n'kumati firiza siithandiza.

Zoikamo zake, timapepala tapulasitiki tokhuthala tokhala ndi zipi timagwira ntchito. Thirani njere, tsekani zipi kusiya kampata kakang'ono pakona, finyani mpweya wonse kapena muukoke ndi kapaipi komwera zakumwa mpaka pulasitiki igwire njere, tsekani msanga. Kenako kapaketi kameneko mukaikenso mu kena, kapena timapaketi tonse mu kontena imodzi yotseka bwino. Kuphatikiza kawiriku musakuone ngati kuchulutsa ntchito, firiza zathu timasungamo chambo, nyama ya mbuzi, nkhuku, ndipo pulasitiki imodzi fungo limadutsa pakapita masabata. Khofi wonunkha nsomba palibe mankhwala ake. Mabotolo agalasi a jamu ndi abwinonso kwambiri, mwina kuposa pulasitiki, bola adzaze mpaka kukamwa ndipo akhale ouma gwaa, atsukeni dzulo lake agone akuuma. Nunkhizani chivundikiro musanatseke, cha botolo la mayonezi kapena la achali chimasunga fungo mu kalabala kake ngakhale mutsuke motani. Ngati paketi ina ya ku Mzuzuyo ndi yosatsegula ndipo ndi yaing'ono, ya magalamu 250, ilowe momwemo osaitsegula, mungomata selotepi pa kavalavu kaja ndi kuivekanso pulasitiki. Lembani deti pa kalikonse, ndipo muziike pansi kapena kumbuyo, osati pafupi ndi chitseko pomwe ana amatsegula pafupipafupi kufuna mafilizesi.

Potulutsa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Kapaketi kakatuluka katuluka, sikabwereranso. Katulutseni madzulo, kasiyeni pa tebulo kali kotseka usiku wonse, thukuta lonse lichitikire kunja kwa pulasitiki, m'mawa pukutani ndiye mutsegule. Maola atatu kapena anayi amakwana pa magalamu 200 ngati mwaiwala madzulo, chizindikiro chake n'choti mukakagwira sikakuzizira ndipo kunja kwauma. Mukatsegula kadakali kozizira, makamaka m'dzinja, mwanyowetsa khofi wa sabata yonse. Mukatsegula, khofiyo amapita mu kabati ngati khofi wina aliyense, ndipo mumumalize m'sabata imeneyo kapena masiku khumi.

Pali njira ina ya anthu okonda khofi mopitirira, amagawa magalamu 30 pa kapaketi, m'mawa amatulutsa kamodzi n'kugaya pompo njere zili zozizira, osadikira. Zimatheka ndithu, chifukwa khofiyo akukalowa m'madzi otentha mphindi zomwezo ndiye chinyezi chilibe nthawi yoononga, ndipo njere yozizira imasweka bwino mu chogayira. Koma pa makilo awiri ndi timapaketi topitirira 60, ine ndimaona kuti ndi chintchito chosafunika pa banja longofuna kapu yabwino m'mawa.

Nanga magetsi? Apa nkhani ndi yabwino kuposa mmene mukuganizira. Khofi si nyama, sawola akafunda. Firiza yodzaza ikakhala yosatsegulidwa imasunga kuzizira tsiku lathunthu, ina mpaka awiri, ndiye kuthima kwa maola 6 kapena 8 njere sizimva n'komwe. Ngakhale atathima masiku angapo zonse n'kusungunuka, khofi amene ali mu paketi yotseka bwino yopanda mpweya amangokhala ngati anali mu kabati masiku amenewo, magetsi akabwera aziziranso, mwataya pang'ono chabe. Choopsa chenicheni ndi madzi a nyama ndi nsomba zosungunuka kuyenderera pa timapaketi tanu, n'chifukwa chake kontena yakunja ija ndi yofunika. Mukaona tizidutswa ta ayisi kapena madontho mkati mwa kapaketi, dziwani kuti kanali ndi pobowoka kapena munatsekera mpweya wambiri wonyowa, kameneko katulutseni kayambe kumwedwa. Koma ngati kwanuko firiza imasungunuka sabata iliyonse mpaka madzi kuyenda pansi, ndiye phindu lake lachepa, kuli bwino timabotolo todzaza totseka tikhale mu kabati yozizira, mutsegule kamodzi kamodzi, ndipo mumuuze mlamu ulendo wina abweretse kilo imodzi, kapena mugawaneko ndi anzanu.

Chinthu china chomwe chimasintha masiku onsewa ndi kakazingidwe. Tapani njere zingapo muone. Ngati zili zakuda kwambiri ndi zonyezimira mafuta kunja, ameneyo wapsa kwambiri, mafuta ake ali poyera pomwe mpweya ukuwafika mosavuta ndipo amakalamba msanga, ndiye kunja musiye wa sabata imodzi yokha, wina yense mu firiza. Ngati zili zofiirira ndi zouma kunja, amapirira, masabata atatu kapena anayi mu kabati nyengo yozizira amakhala bwino. Khofi wa kumpoto, wa ku Misuku, ku Phoka ndi ku Viphya, ndi wa mtundu wa arabika wolimidwa m'mapiri, ndipo chimene anthu amamukondera ndi kafungo kake ndi kakuwawasa pang'ono konga ka zipatso. Tsoka lake zimenezo ndi zomwe zimayamba kuthawa, kuwawa kokha ndiye kumatsala mpaka kalekale. Ndiye munthu amamwa n'kumati khofi wa ku Mzuzu ndi wowawa chabe, pomwe wamupha yekha pa windo.

Funsaninso mlamu wanu kuti khofiyu anakazingidwa liti. Deti lomwe limalembedwa pa paketi loti agwiritsidwe ntchito lisanafike nthawi zambiri limakhala la chaka chathunthu kutsogolo, silitanthauza kuti adzakoma ngati watsopano mpaka tsikulo. Lofunika ndi deti lokazingira. Ngati wangokazingidwa dzana, musiyeni masiku anayi mpaka sabata apume kaye musanamuike mu firiza, chifukwa khofi wongochoka pamoto amakhala ndi mpweya wa kaboni wambiri, amachita thovu lokhalokha madzi osalowa bwino, kukoma kwake kumabwera pakapita masiku. Mukamutsekera mu pulasitiki tsiku lomwelo mupeza yafufuma ngati baluni, ndipo botolo limalira kuti psii potsegula, si kuonongeka ayi, ndi mpweya womwe uja.

Mpweya womwewu ndi umene mungayezere ngati khofi akadali ndi moyo. Gayani pang'ono, thirani timadzi totentha tongonyowetsa, dikirani theka la mphindi. Watsopano amatukumuka n'kuchita thovu, wokalamba madzi amangodutsa ali phwaa. Khofi wokazinga pang'ono sachita thovu lambiri ngakhale ali watsopano, ndiye mphuno ithandizeko, akamanunkha ngati katoni kapena mafuta akale ndiye wapita. Wotereyo sadwalitsa, mutha kumwabe ndi mkaka ndi shuga ngati mukumva chisoni kutaya. Koma mukaona nkhungu, toyera kapena tobiriwira tonga ufa pa njere, kapena njere zomatana zonunkha chinyontho chifukwa zinalowa madzi, tayani paketi yonse osasankhamo, madzi owira sachotsa poizoni amene nkhungu zina zimasiya.

Ndipo chonde musagaye makilo awiri onsewo nthawi imodzi kuti muchepetse ntchito. Njere yathunthu ili ndi kunja kochepa komwe mpweya ungagwire, mukaigaya mwaitsegula mbali zonse, fungo labwino limayamba kuthawa mphindi zomwezo ndipo pakatha masiku ochepa ufawo wazilala. Gayani wa tsiku lomwelo. Ngati mulibe chogayira, kamtondo kakang'ono kamathandiza bola kakhale ka khofi yekha, komwe mumasinjiramo tsabola ndi adyo ayi. Ngati palibiretu njira ndipo mukagayitsa kwa munthu, ndiye firiza ikufunika kuposa kale, ufawo mugawe timapaketi ta masiku atatu kapena anayi, magalamu 100 kalikonse, ndipo lamulo losatsegula kadakali kozizira likhale lolimba chifukwa ufa umayamwa chinyezi msanga kuposa njere.

Mukachita zonsezi koma kapu n'kumatulukabe yosakoma, pomwe njere zikununkhira bwino ndipo thovu likuchita, vuto silili pa kasungidwe. Likhoza kukhala kagayidwe, kuchuluka kwa madzi kapena madzi enieniwo, a pa mjigo ena amakhala ndi mchere wambiri ndipo a pampopi nthawi zina amamveka mankhwala. Pamenepo tengani njere zodzaza dzanja mupite nazo kwa amene amakazinga khofi kapena ku shopu ya khofi komwe ali ndi chogayira chabwino, akupangireni kapu imodzi ndi madzi awo mulawe limodzi. Ikakoma kumeneko, yambani kusintha kagayidwe kunyumba, ndipo muyese tsiku limodzi ndi madzi a m'botolo kuti muone ngati ndi madzi.